Mainchesi asanu a chilundu cha azakhali

Ukwati wa m'tauni umayamba kudya ndalama za abale tsiku lake likadali kutali. Komiti ikangokhala pansi, uthenga umafika pafoni wonena kuti chitenje cha yunifolomu chasankhidwa, aliyense atumize yake kwa msungichuma. Kutsogoloko kuli chinkhoswe, kuli phwando la amayi lolangiza mkwatibwi, kuli perekaniperekani, ndipo paliponse munthu amafuna aoneke kuti wachokera pabanja. Mlongo wanga anakwatira m'chilimwe cha 2024, patangopita miyezi ingapo kuchokera pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo zitenje zambiri zimene timagula ku Bwalo la Njobvu n'zochokera kunja, motero mitengo yake inali itakwera kale. Azakhali athu a ku Kawale, amene ndi alongo awo a bambo anga, anagula yunifolomu ya chinkhoswe chifukwa zimenezo sizikanidwa. Koma za tsiku la ukwati ananena poyera kuti sagulanso nsalu ina. Anati kuchipinda kuli bokosi lachitsulo limene sanalitsegule kuyambira pamene anasiya ntchito, ndipo chovala chichokera m'menemo.

Ena pabanja sanakondwe nazo. Azakhali paukwati sakhala kumbuyo. Ndiwo amalangiza, ndiwo amaitanidwa kutsogolo, ndipo akuchikazi amayang'ana iwo poyesa banja limene mwana wawo akulowamo. Ine ndinali kumbali ya azakhali, ndipo nditaona mmene ntchitoyo inayendera ndikuganizabe kuti anachita bwino. Komabe sindinganene kuti chovala chilichonse chakale chingasokedwenso. M'bokosi lonse lija zimene zinayenera kupita kwa telala zinali zochepa, ndipo nzeru yaikulu inali pozisankha.

Choyamba kutuluka chinali fungo la chuku. Lilongwe kumakhala chinyezi kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndipo bokosi lokhala pasimenti limatuluka thukuta m'kati. Zovala za pansi penipeni zinali ndi timadontho takuda, zina zinali ndi dzimbiri pamene panagona zipi yachitsulo. Azakhali anayala mphasa pabwalo n'kuyamba kuyesa chimodzichimodzi. Ankatambasula chovala moyang'anitsa kudzuwa, ndipo pamene kuwala kunkadutsa kwambiri kuposa pena ankadziwa kuti pathetheka. Kenaka ankagwira nsalu ndi zala zazikulu ziwiri moyandikana n'kukoka pang'ono, makamaka m'khwapa, pokhalira, ndi pamzere pamene chovala chinapindidwa zaka zonsezi. Nsalu yamoyo imabwerera m'malo mwake. Yakufa imalira pang'ono, ulusi wake n'kutalikirana, osabwereranso. Diresi lina la maluwa ofiira, limene ine ndinalikonda kuposa onse, linang'ambika pamzere wopinda atangolikoka kamodzi. Analiika padera kuti lidzakhale zigamba, ndipo sanataye nalo nthawi.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza anthu poyesa chonchi. Nthawi zambiri ulusi wosokera umafa msanga kuposa nsalu. Ukakoka msoko n'kuona ukuthothoka, usafulumire kunena kuti chovala chatha. Yang'ana ngati chaduka ndi ulusi kapena ngati nsalu yang'ambika m'mbali mwa msokowo. Ukaduka ulusi wokha, imeneyo ndi nkhani yabwino, chifukwa ndiye kuti kumasula kukhala kosavuta ndipo nsalu ikadali ndi mphamvu yolandira singano kachiwiri.

Chimene chinapambana mayeso onse chinali chilundu chobiriwira cha timaluwa tachikasu, bulauzi ndi siketi yake, chimene anasoketsa cha m'ma 1980 akugwira ntchito ku Capital Hill. Iwo amati nsaluyo inali ya David Whitehead, fakitale ya ku Blantyre ija imene inkaveka Amalawi ambiri masiku amenewo, yomwe pambuyo pake inagulitsidwa n'kukhala Mapeto. Inali thonje lenileni, lolemera m'manja. Siketi yake inkafika m'mapazi ndipo inali ndi makwinya ochuluka m'chiuno. Kutalika kumeneku kuli ndi mbiri yake. Kuyambira mu 1973 kunali lamulo la kavalidwe loletsa amayi kuvala buluku ndi siketi yoonetsa mawondo, ndipo linachotsedwa pokhapokha ndale zitasintha, m'nyengo ya referendamu ya 1993. Mayi wopita kuofesi ya boma sankafuna kuyandikira n'komwe malire a lamulolo, choncho atelala ankasoka zazitali ndi zotakasuka. Lamulo limenelo linazunza amayi ambiri, ndipo sindilisowa. Koma zovala za nthawi imeneyo zili ndi nsalu yambiri m'kati mwake, ndipo n'chifukwa chake zimatheka kuzisintha lero.

M'bokosi momwemo munalinso chitenje cha chipani chokhala ndi nkhope ya Kamuzu, cha masiku a mbumba, ndi china chakuda ndi choyera chimene anasiya agogo. Mdzukulu wina ananena kuti cha agogocho chingatuluke diresi labwino. Azakhali anachipinda n'kuchibwezera. Anati chitenje chosadula chingafunde munthu wamsinkhu uliwonse, chingabereke mwana, chingapite kumaliro, koma ukachidula chimakhala cha thupi limodzi basi. Pamenepa ndinagwirizana nawo kwathunthu. Chovala chosokedwa kale sichiluza kanthu ukachisintha, pamene chitenje chathunthu chimaluza ntchito zake zonse.

Asanapite nacho kulikonse anachichapa. Poyamba ananyowetsa kansalu koyera n'kupukuta m'kati mwa mpendero kuti aone ngati utoto ukutuluka, ndipo sunatuluke. Anachapa m'madzi ozizira ndi sopo wamtanda, osafikisa mwamphamvu. Pa timadontho ta dzimbiri pafupi ndi zipi anafinyirapo ndimu, n'kuwazapo mchere, n'kuika padzuwa kanthawi kochepa asanatsukuluze. Jiki sanamuyandikize, chifukwa amachotsa banga pamodzi ndi maluwa ake n'kufooketsanso thonje. Kuchapa kumayenera kubwera telala asanayeze, osati pambuyo, pakuti nsalu imene ikufuna kung'ambika ndi bwino ing'ambikire m'beseni usanalipire ndalama ya kusoka.

Telala wawo ndi bambo wachikulire amene amasokera pakhonde la sitolo ku Kawale komweko, pa makina opalasa ndi mapazi. Magetsi akazima iye ntchito imapitirira, ndipo m'nyengo ya maukwati chimenechi si chinthu chaching'ono. Anatembenuza bulauzi kunja kukhala m'kati asananene chilichonse, n'kuyamba kuyenda ndi chala m'misoko.

"Mayi, amene anasoka ichi anali mmisiri," anatero. "Taonani alawansi anasiya. Inchi yathunthu mbali iliyonse."

"Ndiye chitheka, atelala?"

"Tiyeze kaye. Tepi ndiyo inene."

Tepi inanena kuti bulauzi inali mainchesi 38 kuzungulira pachifuwa, pamene azakhali tsopano ndi 41. Chovala cha thonje sichitamuka, choncho pamafunika kuwonjezera mainchesi awiri oti munthu apumiremo ndi kukweza manja. Bulauzi inayenera kukhala 43, kutanthauza kuti inkaperewera mainchesi asanu. Nkhani yonse inagona pa mainchesi asanu amenewo.

Njira imene aliyense amayamba kuiganiza ndiyo kumasula misoko ya m'mbali n'kusokanso chakunja. Telala anatiwerengera poyera. Msoko uliwonse uli ndi nsalu ziwiri, yakutsogolo ndi yakumbuyo. Pa inchi imene inasiyidwa ungatengepo theka lokha, chifukwa theka linalo liyenera kutsala kuti msoko ugwire. Ndiye kuti msoko umodzi ukupatsa inchi imodzi, misoko iwiri mainchesi awiri. Atatu akusowabe. Kuwonjezera apo, nsalu imene yakhala yobisika m'kati zaka zonsezi sinaone dzuwa, choncho imatuluka yakuda kuposa inzake, ndipo mabowo a singano yakale amaoneka ngati mzere wotsika m'nthiti. Aliyense wokhala pambuyo pako m'tchalitchi amadziwa kuti chovala chakulitsidwa. Iye anakana njira imeneyi.

Chimene anasankha ndi kulowetsa nsalu ina m'mbali zonse ziwiri, kuchokera m'khwapa kufika pansi pa bulauzi, iliyonse yooneka mainchesi awiri ndi theka. Ziwirizo pamodzi zikukwana asanu aja. Podula, iliyonse inayenera kukhala mainchesi atatu ndi theka m'lifupi, kuti theka la inchi lilowe mumsoko uku ndi uku, ndipo m'litali mainchesi 15. Ubwino wake ndi woti msoko watsopano umadutsa ndendende pamzere wakale, mabowo aja n'kubisika. Funso linali loti nsaluyo ichokera kuti. Azakhali anafunsa ngati angakagule theka la mita yobiriwira kumsika. Telala anapukusa mutu. Thonje latsopano limafupika ukalichapa koyamba pamene lakale linafupika kalekale, ndiye zikasokedwa pamodzi chatsopano chimakoka chakale, msoko n'kuchita makwinya, mwinanso kung'amba mbali yofookayo. Ngati palibiretu kochokera, yatsopanoyo imayenera kuchapidwa kawiri isanadulidwe. Koma apa kochokera kunalipo, ndipo kunali kusiketi.

Apa ndi pamene ndinaona kusiyana kwa telala wodziwa ndi wongophunzira. Siketi inali yaitali mainchesi 40, ndipo azakhali ankafuna ifupikeko kuti isamakwakwe pansi. Ine ndinkayembekeza kuti adula kumunsi. Koma siketi ya chitenje nthawi zambiri imasokedwa mopingasa, m'lifupi mwa nsalu n'kukhala kutalika kwa siketi, kuti maluwa akuluakulu a m'mphepete agwere kumapazi. Kudula kumunsi n'kutaya kukongola konse kwa nsaluyo. Iye anadula kumtunda. Anachotsa lamba wakale wa m'chiuno, anamasula makwinya onse, ndipo nsalu itatambasuka inakwana mainchesi 76 kuzungulira. Anaiwaza madzi n'kuisita ndi simbi yamakala mpaka makwinya atafafanizika, kenaka anadula mzere wa mainchesi anayi m'lifupi kuchokera kumtundako, kuzungulira siketi yonse.

Mzere umodzi umenewo unagwira ntchito ziwiri. Chiuno cha siketi chinali 32 pamene cha azakhali tsopano ndi 38, choncho pankafunika lamba watsopano. Anadulapo mainchesi 41, owerengera chiuno, mpata wopumira, popitirira pa batani ndi misoko ya kumapeto. Atapinda pakati n'kusoka, lamba anatuluka wa inchi imodzi ndi theka. Pa 35 otsalawo panatuluka zidutswa ziwiri za m'mbali mwa bulauzi, za 15 chilichonse, n'kutsala kachidutswa kakang'ono kamene anakasunga kuti kadzakhale chigamba. Siketi anaikwinyanso mocheperako kuti ikwane chiuno chatsopano, n'kutsitsa malo a zipi, n'kuikapo ina yapulasitiki m'malo mwa yachitsulo ija. Inatsala mainchesi 36, yofika pakati pa katumba, maluwa ake a m'munsi ali onse.

Ndiyenera kunena kuti apa panalinso mwayi. Zidutswa zija zinadulidwa mogona koma pa bulauzi zinakaima chilili. Timaluwa ta nsalu imeneyi n'tating'ono ndipo sitiyang'ana mbali imodzi, choncho palibe angazindikire. Ikanakhala nsalu ya mbalame, ya nkhope kapena ya mizere, mbalamezo zikanagona cham'mbali m'nthiti mwa azakhali, ndipo njira imeneyi ikanakanika.

Manja ndiwo amagwetsa anthu ambiri pa ntchito yotere. Ukakulitsa bulauzi m'khwapa, bowo lolowera mkono limakulanso ndi mainchesi awiri ndi theka omwewo, ndipo mkono wakale sukwananso pabowopo. Ena amangoukoka mokakamiza, ndipo zotsatira zake munthu akakweza dzanja bulauzi yonse imakwera naye. Chilundu cha azakhali chinali ndi manja otukumuka a fasho ya nthawi ija, okwinyidwa kwambiri paphewa ndi omangidwa ndi kalamba kothina pamwamba pa chigongono. Telala anawachotsa onse awiri, anamasula makwinya a paphewa, ndipo nsalu imene inali yokwinyidwayo inakwanira bowo latsopano n'kutsalako pang'ono. Kalamba kothina kaja anakataya n'kupinda mpendero wamba. Manja anagwa mofewa, ndipo ndi kusintha kumeneku kumene kunachotsa ukale pa chovalacho kuposa china chilichonse.

Koma kumasula misoko yambiri sanachite telala. Anatiuza kuti nthawi imeneyo alibe, pakuti pakhoma pake panali mayunifolomu a maukwati ena akudikira, ndipo kumasula kumatenga nthawi yaitali kuposa kusoka. Anatilembera ndi choko misoko yoyenera kutsegula, ndipo tinakachitira kunyumba, azakhali ndi ine, madzulo. Lezala amafulumira koma ndi amene amaboola nsalu. Azakhali anandionetsa kuti uzidula ulusi umodzi pa anayi kapena asanu alionse mbali imodzi, kenaka n'kutembenuza n'kukoka ulusi wa mbali inayo, umene umatuluka wonse wautali. Tikugwira ntchitoyo anandiuza za tsiku limene anavala chilunducho koyamba, za basi imene ankakwera kupita ku Capital Hill, za anzawo a muofesi amene ambiri anatisiya. Nkhani zimenezi sindinazimvepo n'kale lonse ngakhale ndakulira pakhomo pawo, ndipo sindikhulupirira kuti zikanatuluka tikanangopita kukagula nsalu kusitolo.

Vuto limodzi linaonekera pa kuyesa koyamba. Nsalu ya kumtunda kwa siketi inkakhala yophimbidwa ndi bulauzi nthawi zonse, motero sinasuluke ngati inzake. Zidutswa za m'mbali zinaoneka zobiriwira kwambiri kuposa bulauzi imene zinalowamo. M'nyumba sizinkadziwika, koma panja padzuwa zinkaoneka. Azakhali anakhumudwa, ndipo anafunsa ngati n'zotheka kuziyanika padzuwa kuti zisuluke. Telala anati zimenezo n'zosalamulirika, zikhoza kusuluka mwamawangamawanga. M'malo mwake anatenga lamba wakale uja, anamutambasula, ndipo mbali yake yam'kati inali yobiriwira mofanana ndi zidutswazo. Anachotsa kolala yaikulu ya bulauzi, anadula khosi lozungulira, n'kulikongoletsa m'mphepete ndi nsalu ya lambayo. Mtundu wakudawo utaoneka malo atatu, m'mbali ziwiri ndi m'khosi, diso linayamba kuuona ngati kapangidwe ka chovalacho.

Pa kuyesa kachiwiri sanalole kuti azakhali angoima pagalasi. Anawauza kuti akweze manja onse awiri, akhale pampando, agwade, ndiponso avineko pang'ono. Anthu a pakhondepo anaseka, koma iye ankadziwa chimene ankachita. Mayi wamkulu paukwati amagwada popereka ulemu, amawerama potola ndalama, amakweza dzanja poponya m'lichero pa perekaniperekani. Msoko umene sunayesedwe pa zimenezi umakathothokera muholo. Atagwada, telala anaona kuti pansi pa zipi pakukoka, ndipo anabwerezapo msoko wachiwiri n'kuikapo kansalu kolimbitsa m'kati.

Ukwati unachitikira ku Area 25. Azakhali anavala chilundu chawo ndi duku lachikasu limene anabwereka kwa mwana wawo, ndipo anavina nawo mpaka dzuwa kupendeka. Amayi angapo akuchikazi anawafunsa kumene anagula nsaluyo, chifukwa maluwa amenewo kumsika kulibe. Iwo sanabise. Ankayankha kuti ndi ya m'bokosi, ya masiku a ntchito, ndipo amayi achikulire ena anayamba kuigwira m'manja n'kumakumbutsana nsalu zimene nawonso anali nazo. Ndalama imene analipira telala inali yochepa poyerekeza ndi mamita anayi a waksi pamodzi ndi kusoketsa kwake, ndipo yotsalayo anakaponya m'lichero la mwana wa mlongo wawo, kumene iwo ankafuna kuti ipite.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'choti zovala zimene tikusoketsa ife lero sizidzatheka kuzichita zomwezi. Yunifolomu imagulidwa yoyezeratu, telala amapatsidwa nsalu yongokwanira, fasho ndi yothina, ndipo makina a ovaloko amadula alawansi yonse n'kusiya kamzere kosakwana theka la inchi. Nsalu zambiri zotsika mtengo n'zosakaniza ndi pulasitiki, zimene zimasunga bowo lililonse la singano ndipo zimanyala zikakhudzana ndi simbi yamakala. Patapita milungu ingapo msuweni wanga wa ku Chinsapo, ataona za azakhali, anatenga diresi lake la paukwati wina wa zaka zitatu zapitazo kupita nalo kwa telala yemweyo kuti alikulitse mainchesi awiri okha. Bamboyo analitembenuza, anayenda ndi chala m'misoko monga anachitira poyamba paja, n'kulibweza. Munalibe chotenga, m'mbali kapena mumpendero, ndipo zotsala za nsaluyo zinatayidwa tsiku lomwe linasokedwa. Anamulangiza kuti ulendo wina akamasoketsa adzanene kuti amusiyire inchi yathunthu m'mbali ndi mainchesi awiri kumpendero, ndiponso adzapemphe zidutswa zotsala apite nazo kunyumba, azikazichapa limodzi ndi chovalacho kuti zizisuluka mofanana.